Ana akumva Chichewa koma sakuyankha: tizisewera nawo chiyani?

MayiWaTada
Moni nonse a pagulu pano. Ndabwera ndi nkhani yomwe ikundisowetsa mtendere. Ife tinachoka ku Lilongwe mu 2019 kudzakhala kuno ku Chelstone chifukwa cha ntchito ya bambo a kunyumba. Mtsikana wathu tinabwera naye ali ndi zaka zitatu, pano ali ndi zaka 9. Wamng'ono anabadwira konkuno, ali ndi zaka zisanu. Onse awiri Chichewa amamva bwinobwino, ukawatuma amapita, ukawakalipira amadziwa kuti zavuta. Koma poyankha ndi Chingerezi basi, apo ayi Chinyanja cha kuno. Pa Khirisimasi tinapita kumudzi ku Nathenje. Wamkuluyo anauza agogo ake kuti "nifuna manzi", asuweni ake onse n'kufa nacho chiseko. Mwana uja anatseka pakamwa sabata yonse, amangogwedeza mutu ngati mlendo. Apongozi anandiyang'ana, sananene kanthu, koma ine ndinamva. Sindikufuna kuwakhazika pansi ndi kope ngati kusukulu, amabwera atatopa kale. Alipo amene ali ndi masewera enieni amene anayesa kunyumba kwake n'kuona kusintha?

Mkomawanu
Atumizeni kumudzi holide yonse, miyezi iwiri. Akabwerako akuyankhula mpaka miyambi.

MayiWaTada
Achimwene, holide yake ya miyezi iwiri ichokera kuti? Komanso anthu anayi pa basi mpaka Chipata, kuwoloka pa Mwami, kukafika Lilongwe ndi kubwerera, si ndalama yoti n'kumatulutsa kawirikawiri. Ndikufuna cha tsiku ndi tsiku.

NaPhiri_Kabwata
Aphunzitseni phada ndi bawo. Ife tinakulira zimenezo. Ine ndinagula bawo wabwino kwa osema pa Kabwata pompa, ana amamukonda kwambiri.

KwathuKuDedza
AnaPhiri, bawo ndi wabwino koma mwaphonya pang'ono funso. Bawo munthu amatha kusewera ola lathunthu osatulutsa liwu. Phada nayenso kuno alipo kale, amamutcha chiyato, ndipo ana akamasewera panja amawerengera m'Chingerezi. Amayiwa akufuna masewera oti pakamwa pazigwira ntchito.

AphunzitsiAkale
Amayi a Tada, ine ndinaphunzitsa ku pulayimale zaka zambiri kwathu ku Mchinji ndisanabwere kudzakhala ndi mwana wanga ku Kaunda Square, ndipo adzukulu atatu ndinawapeza momwe mukuneneramo. Choyamba musataye mtima, chifukwa mwana amene akumva ali ndi mawu ambiri m'mutu. Chomwe chikusowa ndi chizolowezi chowatulutsa, ndipo sawatulutsa chifukwa palibe chomukakamiza: akayankha m'Chingerezi madzi amalandirabe, nsima amadyabe. Ndiye masewera amene mukufuna ndi oti sangayende mwana akapanda kuyankhula, koma mawu oti anene akhale ochepa, asachite nawo mantha.

Ine ndinayamba ndi ndagi. Ubwino wa ndagi ndi woti poyambira pake sipasintha. Wina akuti "Ndagi!", onse akuti "Gize!" Ngakhale wa zaka zisanu amatha kufuula gize, ndipo akatero walowa kale m'masewera. Yankho lake nalonso ndi liwu limodzi. "Nyumba ya amayi yopanda khomo." Dzira. "Phiri lokwera ndi makadabo." Nsima. Mwana wamanyazi amene sangathe chiganizo, liwu limodzi amalitha.

Pamene pali phindu lenileni ndi pobaira. Kwathu mukalephera ndagi mumabaira ng'ombe, ndiye woponya uja aulule yankho. Ine ng'ombeyo ndinaisandutsa mawu. Akalephera ndimati, "Baireni zinthu zisanu za kukhitchini." Ayenera kutchula: mthiko, chipande, poto, mbale, mpeni. Tsiku lina ziwalo za thupi, tsiku lina ziweto. Amachita kulimbirana chifukwa akufunitsitsa kumva yankho. Ndagi zitatu kapena zinayi pa tsiku zakwana, musapitirire mphindi 15. Musiye iwo akufunabe.

WakuKatete
Kwathu timati "Chilape!", oyankha "Nachize!" Koma ndaima apa chifukwa cha china. Amayi a Tada, ndikupempha musamauze ana kuti Chinyanja cha mu Lusaka n'cholakwika. Ine ndine Mchewa wa ku Katete, chaka chilichonse mu Ogasiti ndimapita ku Kulamba ku Mkaika, ndipo ana anga amati "nifuna", "manje", "vakudya". Ndi chiyankhulo cha mzinda uno, chinatenga za Chinsenga, za Chibemba, za Chingerezi. Mwana amakwera nacho minibasi, amagula nacho ku Soweto, amapeza nacho anzake. Olakwa pa nkhani yanu ija ndi asuweni amene anaseka, osati mwana. Komanso kunena zoona, Lusaka n'kunja? Malire a pa Mwami anadula mtundu umodzi pakati.

Mkomawanu
Akulu a ku Katete, n'kunja ndithu. Pasipoti timadinditsa. Ndipo "bantu babili" si Chichewa, tisanamizane.

WakuKatete
Sindinati ndi Chichewa cha ku Dedza. Ndati si chowola.

AphunzitsiAkale
Bambo a ku Katete akunena zoona pa mbali yoti tisanyoze, ndipo ine adzukulu ndimawauza kuti ali ndi malaya awiri, a panja ndi a kwa agogo. Koma kufanana kwa ziyankhulo ziwirizi ndi kumene kumapangitsa kuti vuto lathu likhale losiyana ndi la anzathu a ku Joni kapena ku Mangalande. Mwana wa kumeneko amadziwa kuti Chichewa ndi china, Chingerezi ndi china. Wathu kuno akati "vintu vibili" amaona ngati wayankhula kale Chichewa, ndipo ife timamumva, ndiye palibe amene amaona chifukwa chokonzera. Khutu lake silinauzidwe kuti pali kusiyana.

Pa chifukwa chimenecho masewera achiwiri amene ndimawadalira kuposa ndagi ndi a kumsika. Ndifotokoza momwe timachitira. Timakhala mozungulira. Woyamba akuti, "Ndinapita kumsika, ndinagula dzira limodzi." Wachiwiri abwereze zonse n'kuwonjezera chake, koma nambala ikwere: "Ndinapita kumsika, ndinagula dzira limodzi ndi nthochi ziwiri." Wachitatu: "dzira limodzi, nthochi ziwiri ndi mipeni itatu." Wachinayi "mabuku anayi", wachisanu "zipewa zisanu". Tikafika pa zisanu timayambiranso pa chimodzi. Sitipitirira chifukwa kuyambira 6 kumafunika "zisanu ndi chimodzi", mwana amasokonezeka, ndipo ife tomwe akuluakulu timangoti sikisi. Koma kuyambira chimodzi kufika zisanu, nambala imasintha mutu wake kutsatira dzina: limodzi, chimodzi, umodzi, imodzi, awiri, ziwiri, iwiri. Pamenepo ndi pamene pagona Chichewa, ndipo ndi pamene ana a kuno amapunthwa.

Mdzukulu wanga wa zaka 8 sabata yoyamba chilichonse ankati "ziwiri". Mipeni ziwiri, mazira ziwiri, ana ziwiri. Sindinkamuuza kuti walakwa. Ndinkangokhala wogulitsa, n'kufunsa ngati sindinamve: "Mwati mipeni iwiri, bwana?" Iye n'kuti, "Eya, mipeni iwiri." Wabwereza cholondola yekha, masewera osaima, nkhope osagwa. Ndinkasankha mitundu iwiri yokha pa sabata. Sabata yoyamba za chi ndi zi: chipewa, chingwe, chikho. Kenako za mu ndi mi: mpeni, mpando, mtengo. Za dzira ndi mazira, dzungu ndi maungu, tsamba ndi masamba ndinazisunga kumapeto chifukwa dzina lenilenilo limasintha kwambiri. Patatha mwezi ndinawonjezera mtundu ndi kukula: "zipewa ziwiri zofiira", "mipeni itatu yaikulu". Apa wa zaka zisanu musamuvutitse, iye angotchula chinthu ndi nambala, mumuthandize.

MayiWaTada
Aphunzitsi, zikomo, izi ndazikopera. Koma ndidzadziwa bwanji kuti wagwiradi, osati wangoloweza? Wanga amaloweza msanga ngati chinkhwe.

AphunzitsiAkale
Funso labwino. Mumuponyere dzina limene simunaligwiritsepo m'masewera. Ngati mwakhala mukugula zipewa ndi zingwe, tsiku lina lozani chitseko n'kufunsa kuti tikagula china zikhala zingati. Akati "zitseko ziwiri" osaganiza nthawi yaitali, wagwira. Akati "chitseko ziwiri" kapena akakhala chete kudikira inu, anangoloweza, bwererani pa mtundu womwewo sabata ina. Chizindikiro china: akayamba kudzikonza yekha pakati pa mawu, "mipando zi... itatu", dziwani kuti khutu latseguka. Limatsogola ndi khutu, lilime limabwera pambuyo.

BamboAChiso
Ine ndinene zanga kuti ena asagwe m'dzenje lomwelo. Ndinaika lamulo kunyumba: aliyense woyankhula Chingerezi patebulo aponye kwacha imodzi m'botolo. Ndinkati ndi masewera. Masiku awiri oyamba kunali kuseka. Tsiku lachitatu mnyamata wanga wa zaka 11 anangosiya kuyankhula patebulo. Amadya, n'kutsuka mbale yake, n'kukagona. Mwezi wathunthu sindinamve nkhani ya kusukulu, ndipo ndinadzamva kwa mayi ake kuti anamenyana ndi mnzake, ine osadziwa. Botolo ndinalitaya. Mpaka pano ndikamuyankhula Chichewa amaona ngati ndikumutchera msampha. Mayi akenso ndi Mtonga wa ku Monze, ndiye m'nyumba ife awiri timayankhulana Chingerezi ndi Chinyanja cha kuno. Ndili ndekhandekha pa nkhondo imeneyi.

KwathuKuDedza
Pepani bambo a Chiso. Koma ine sindikuvomereza kuti chindapusa n'choipa chokhachokha. Kwathu chinagwira. Kusiyana kwake, olipira tinali ife makolo. Ana ndi amene anali apolisi: ndikangoti "fulu" kapena "sore" patebulo, amandigwira, ndipo ayenera kunena liwu lachichewa lomwe ndikanayenera kunena kuti ndalamayo ikhale yawo. Mwana amakonda kugwira bambo ake akulakwa kuposa chilichonse.

BamboAChiso
Imeneyo sindinaiganize. Koma wa zaka 11 angalolenso? Ndikuona ngati ndinachedwa.

AphunzitsiAkale
Simunachedwe, koma wa msinkhu umenewo "gize" amamuona ngati zachibwana. Mpatseni udindo. Akhale woponya ndagi kwa ang'ono ake, kapena wosunga zigoli. Ndipo musawasiye kunja mayi a kunyumba. Iwo aponye yawo m'Chitonga, inu muvutike nayo pamaso pa ana. Mnyamatayo akaona bambo ake akulephera n'kubaira, msampha uja uchoka m'mutu mwake. Sindikulonjeza kuti zichitika msanga, pamene panalowa mantha pamatenga nthawi.

NaPhiri_Kabwata
Pepani ndidutsepo pang'ono. Alipo akupita ku Lilongwe sabata ino? Ndikufuna wina andibweretsere usipa ndi kambuzi. Kapenta ndatopa naye.

Mkomawanu
Ine ndinyamuka Lachisanu pa Intercity, basi ya m'bandakucha. Ndilembereni kumbali. Koma usipa wa nyengo ino ndi wodula, musadzati ndakudyerani.

WakuKatete
Kapenta wa ku Siavonga mukumunyoza chonchi? Mwangosowa womuphika.

NaPhiri_Kabwata
Akulu inu, usipa wofutsa ndi kapenta n'zofanana? Tisayambane.

Nachisale_Matero
Nkhani ya usipayi isatayidwe, ndi masewera akenso. Ife timasewera "kuno ndi kwathu" pophika. Ndimakweza masamba n'kunena dzina la kuno, mwana anene la kwathu. Chibwabwa, nkhwani. Kalembula, kholowa. Delele, therere. Manje, tsopano. Mwauka bwanji, mwadzuka bwanji. Kenako timatembenuza, iye anene la kwathu ine ndipeze la kuno, ndipo nthawi zambiri amandiposa chifukwa cha kuno amachidziwa kuposa ine. Bambo a ku Katete, apa palibe chonyozeka, onse awiri ndi mayina.

Koma ndagi ine zinandikanika, aphunzitsi. Ndinawaponyera ija ya anyamata atatu osenza katundu mmodzi, wina akachokapo katundu agwa. Anangondiyang'ana. Nditaulula kuti mafuwa, anafunsa kuti mafuwa n'chiyani. Ndinagwa ulesi.

AphunzitsiAkale
AnaChisale, pamenepo sichinalephere Chichewa, chinalephera ndi chinthucho. Mwana wa ku Matero mafuwa anawaona kuti? Iye amadziwa mbaula ndi sitovu. Ndagi imakoma pamene yankho lili pamaso pako koma sukuliona. Yambani ndi zomwe zili m'nyumba mwanu, ndipo musaope kupeka zanu. Ine ndinapeka iyi: "Ndimadya makala, ndimasanza phulusa." Mbaula. Ina: "Ndili ndi mano koma sindiluma." Chipeso. Za mafuwa, nkhokwe ndi mtondo muzisunge mpaka mutatsala pang'ono kupita kumudzi, muwaonetse chithunzi, kuti akakafika akazipeze ndi maso. Ndipo cholinga chenicheni n'choti iwo ayambe kupeka zawo. Kupeka ndagi kumafuna chiganizo chathunthu, pamene kuyankha kumafuna liwu limodzi. Mwana akafika popeka, mwawoloka.

Mkomawanu
Ndagi zopeka si ndagi. Za makolo zili ndi nzeru zake, izi za mbaula ndi nthabwala chabe.

Nachisale_Matero
Nanga za makolozo anazitola pansi? Anapekanso anthu atakhala pamoto.

TateWaMapasa
Ine funso langa ndi la kalembedwe. Mapasa anga kusukulu amaphunzira Chinyanja, ndipo m'mabuku a kuno amalemba "cinthu", "cakudya", "Cinyanja", opanda h. Ine ndikawalembera "chinthu" amati adadi mwalakwitsa. Ndiye ndikamasewera nawo zolemba mawu pa timapepala, nditsate ziti?

WakuKatete
Tsatani za kusukulu, mayeso akalemba kuno. Katchulidwe ndi kamodzi, kusiyana ndi pa pepala pokha.

KwathuKuDedza
Ine ndingati aphunzire zonse ziwiri. Tsiku lina adzabwerera, akalemba "cimanga" ku Malawi aphunzitsi adzathetha.

AphunzitsiAkale
Pa ch ndi c musataye tulo, mwana wa giredi 4 mukamuuza kamodzi kuti uku amalemba chonchi, uko chonchi, amamva. H amene ine amandidetsa nkhawa ndi wina, wa mpweya: ph, th, kh. Kuno mu tauni amagwa, "anthu" amasanduka "bantu", ndipo mwana amayamba kusamva kusiyana kwa pala ndi phala, kola ndi khola. Masewera ake ndi a kandulo, ndipo ndi kuthimathima kwa magetsi kuno kandulo sasowa. Muike kandulo patebulo, mwana akhale chapatali pang'ono, ngati kutalika kwa chikhatho chanu ndi theka. Anene "pala": lawi silisuntha kwenikweni. Anene "phala": lawi livina. Wopambana ndi amene wavinitsa lawi pa phala, khola, thumba, koma osalivinitsa pa pala, kola, tumba. Kwa ang'onoang'ono gwiritsani kapepala kopyapyala m'malo mwa moto, ndipo atsikana tsitsi limangidwe kumbuyo. Amaona ndi maso chimene khutu limakana kumva.

BamboAChiso
Ya kanduloyi mwina mnyamata wanga angailole, amakonda zoyesayesa za sayansi. Ndiyesa osatchula n'komwe kuti ndi Chichewa.

NaPhiri_Kabwata
Nanga nthano bwanji? Palibe watchula. "Padangotero", "Tili tonse". Ife tinkagona nazo.

Nachisale_Matero
Nthano n'zabwino anaPhiri, koma woyankhula ndi mmodzi, ana amangoti tili tonse mpaka tulo. Kumva amamva kale awa. Ine ndimaima pakati n'kufunsa kuti kenako Kalulu anatani, aliyense awonjezere chiganizo chimodzi. Nthano imapita kosadziwika, tsiku lina Fisi anakwera minibasi ya ku Chawama, koma akuyankhula.

MayiWaTada
Ndabweranso patatha masabata atatu kuti ndikuuzeni momwe zikuyendera. Timasewera magetsi akathima, tikatha kudya, chifukwa nthawi imeneyo TV palibe ndipo sakhala ndi kothawira. Za kumsika wamkulu wagwira chi ndi zi, ndinamuyesa ndi chitsulo anati zitsulo zitatu. Za mi zikuvutabe, dzulo anati "mipando zinayi" kawiri konse, ndipo nditamufunsa ngati wogulitsa anakwiya, akuti ndikudziwa kuti mukundikonza. Ndiye njira ija waitulukira, aphunzitsi, sindikudziwa kuti nditani. Wamng'ono amangofuna kufuula gize, ngakhale palibe waponya ndagi.

China chomwe tawonjezera: Lamlungu lililonse apongozi amajambula ndagi imodzi pa WhatsApp ya mlamu wanga, ife timamvetsera kuno, ndipo ana ayenera kubweza yankho ndi mawu awo pofika Lachitatu. Ubwino wake mwana amatha kujambula, kufufuta, kujambulanso mpaka atakhutira, palibe msuweni womuseka. Sabata yatha wamkuluyo anajambula kasanu. Kenako anati nayenso akufuna awaponyere agogo yake. Anakhala pakhonde ndi foni, ndikumumva akunong'ona, n'kutumiza iyi: "Agogo, ndagi. Amabwera usiku ife tili mtulo, amapita m'mawa osatsanzika." Anati "osasanzika" poyamba, ndinamusiya, anabwereza yekha. Apongozi ayesa mbala, ayesa mwezi, ayesa fisi. Onse akuti ayi, ndipo wawauza kuti abaire mbuzi ziwiri.

Mkomawanu
Mame?

WakuKatete
Wakhala mu Lusaka aliyense akudziwa. Ndi malaiti amenewo.

MayiWaTada
Mwalasa bambo a ku Katete, koma iye akuti yankho ndi "magetsi", mukati malaiti mubairenso. Apongozi musawauze, kumudziko magetsi kulibe, ndiye mwina tagwa m'vuto la mafuwa lija chobwerera.

AphunzitsiAkale
Poti watulukira kuti mukumukonza, sinthanani mipando. Iye akhale wogulitsa, inu ndi bambo ake mukhale ogula, ndipo muzilakwitsa dala kamodzi pa katatu: "Ndipatseni mipando zinayi." Wogulitsa asagulitse mpaka wogula anene bwino. Akakugwirani, ndiye kuti akudziwa. Akapanda kukugwirani, musanene kanthu, bambo ake ndi amene akugwireni iye akumva.

TateWaMapasa
Tayesa za kumsika usiku uno ndipo takangana akuluakulu tokhatokha ana akutiyang'ana. Ine ndimati "magalimoto awiri", mayi awo akuti "galimoto ziwiri". Tiwaphunzitse ziti?

KwathuKuDedza
Magalimoto awiri.

Nachisale_Matero
Kwathu ku Zomba ndamva zonse ziwiri, ndipo amayi anga amati galimoto ziwiri mpaka lero. Gulani kaye mbuzi ndi zipewa, galimoto mudzagula ana akakula.